Chimanga chitonoledwe kumunda: za kupatula mawu mu vidiyo ya phunziro

Semesita yapitayi aphunzitsi athu a mbiri anachokapo kwa sabata imodzi. Posafuna kuti titsalire, anatijambulira phunziro pa vidiyo. Linali la mphindi 90, lonena za kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Linki itafika pa gulu lathu la WhatsApp, tonse tinathokoza ndi tizithunzi ta manja owomba. Kenaka wina anaitsegula n'kuona kukula kwa fayiloyo: 620 MB. Pagulu panangoti zii.

M'kalasimo tilimo 60. Pofika Lachisanu, amene anali ataonera vidiyo ija anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi aja amakhala pafupi ndi laibulale n'kumadya wayifayi usiku. Mnzanga wina wa kuhositelo anabwera akumwetulira, nati wapeza nzeru. Anatsitsa vidiyo yonse ndi bandulo yake, naika mu kapulogalamu kosandutsa vidiyo kukhala mawu okha, nafufuta vidiyoyo. "Taona, aise," anatero, "phunziro lonse lija latsala 86 MB basi. Ndapulumutsa deta." Ndinamufunsa kuti bandulo yake yatsala zingati. Anayang'ana pa foni, ndipo kumwetulira kuja kunathera pomwepo.

Nkhani yanga yagona apa. Kupatula mawu mu vidiyo ya phunziro ndi nzeru yabwino, ndipo kwa ife ophunzira mbiri, mabuku ndi nzeru zakuya, mawu ndiwo phunziro lenilenilo. Koma ambiri timachita zimenezi pamalo polakwika. Tikapatula mawu vidiyo itafika kale mu foni yathu, tapulumutsa malo okha, deta yapita. Deta imapulumuka pokhapokha munthu mmodzi atapatula mawuwo fayilo isanagawidwe. Choncho iyi si ntchito yoti aliyense azichita payekha m'chipinda mwake. Ndi ntchito ya kalasi, ndipo makamaka ndi ntchito ya wojambulayo.

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kusiyana kwake. Ukanyamula chimanga chosatonola pa ngolo yolipira, n'kukatonolera kunyumba, malo m'nyumba upeza ndithu, koma mwini ngolo wamulipira kale kuti anyamule zitsononkho zomwe ukukataya. Wotonolera kumunda ndiye amapulumutsa zonse ziwiri.

Zomwe zili m'kati mwa fayilo

Fayilo ya vidiyo, monga ija yothera ndi .mp4, si chinthu chimodzi. Ili ngati dengu momwe muli zinthu ziwiri zoyikidwa moyandikana: zithunzi zoyenda, ndi mawu. Chilichonse chinapanikizidwa pachokha ndi njira yakeyake. Mu mafayilo ambiri a .mp4 zithunzi zimapanikizidwa ndi njira yotchedwa H.264, ndipo mawu ndi njira yotchedwa AAC. Pulogalamu yoonetsera vidiyo imangozitulutsa zonse ziwiri pa nthawi imodzi kuti milomo igwirizane ndi mawu. N'chifukwa chake kutengamo mawu okha n'kotheka popanda kuwononga kanthu: ukungotulutsa chimodzi m'dengu n'kusiya chinacho.

Kukula kwa chilichonse mwa ziwirizi kumadalira kuchuluka kwa deta yomwe chimadya pa sekondi iliyonse. Pa kompyuta chiwerengerochi chimalembedwa kuti kbps kapena kb/s. Masamu ake ndi a sitandade 7, ndipo ngakhale ife othawa masamu tingawathe. Tenga kbps, chulukitsa ndi masekondi, gawa ndi 8, kenaka gawanso ndi 1,000. Chotsalacho ndi ma MB.

Tiyese ndi vidiyo ya Chilembwe ija. Mphindi 90 ndi masekondi 5,400. Nditaifufuza ndinapeza kuti mawu ake anali pa 128 kbps. Ndiye 128 kuchulukitsa ndi 5,400, kugawa ndi 8, kugawanso ndi 1,000, zikutipatsa 86 MB ndi kakang'ono pamwamba. Zithunzi zinali pafupifupi pa 790 kbps, zomwe zikutipatsa pafupifupi 533 MB. Kuphatikiza ziwirizi tikupeza 620 MB ija. Kunena kwina, pa magawo asanu ndi awiri a fayiloyo, gawo limodzi lokha ndilo linali mawu a aphunzitsi. Magawo asanu ndi limodzi anali nkhope yawo, khoma la ofesi yawo, shelefu ya mabuku ndi kalendala. Ndimawalemekeza aphunzitsi anga, koma kalendala yawo sidzabwera pa mayeso.

Njira ziwiri zopatulira

Njira yoyamba ndi kungokoka mawu momwe alili, osawasintha. Pulogalamu yomwe imachita bwino zimenezi ndi FFmpeg. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo sifuna intaneti ikangoikidwa. Ilibe mabatani, umalemba lamulo pa mzere umodzi:

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vn -c:a copy phunziro.m4a
```

Apa `-i` akuloza fayilo yomwe ukuyambira, `-vn` akuti zithunzi zisiyidwe, ndipo `-c:a copy` akuti mawu akopedwe momwe alili. Chifukwa palibe kupanikizanso, ntchito imatha m'masekondi ochepa ngakhale pa laputopu yokalamba, ndipo mawu amamveka ndendende momwe amamvekera mu vidiyo. Kwa ife chinatuluka ndi fayilo ya 86 MB.

Pali chinthu chimodzi choti usamale. Dzina lothera ndi .m4a limayenerana ndi mawu a AAC. Ngati vidiyo yako ndi ya .webm, kawirikawiri mawu ake amakhala a mtundu wina wotchedwa Opus, ndipo lamuloli likana. Kuti udziwe zomwe zili m'kati, lemba `ffmpeg -i phunziro.mp4` osawonjezera china. Pa mizere yomwe ituluke, yang'ana womwe uli ndi mawu akuti Audio. Pamenepo uona mtundu wa mawu ndi kbps yake. Ukaona opus, fayilo yako yatsopano ithere ndi .opus.

Njira yachiwiri ndi kupanikizanso mawuwo kuti achepe kwambiri. 128 kbps ndi muyezo womwe anthu amagwiritsa ntchito pa nyimbo, momwe muli magitala, ng'oma ndi mawu a anthu ambiri ochokera kumanzere ndi kumanja. Munthu mmodzi wolankhula m'chipinda safuna zonsezo. Safunanso mbali ziwiri, chifukwa khutu lamanzere ndi lamanja zikumva chinthu chimodzi.

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vn -ac 1 -c:a aac -b:a 48k phunziro.m4a
```

`-ac 1` akuphatikiza mbali ziwiri zija kukhala imodzi, ndipo `-b:a 48k` akutsitsa muyezo kufika pa 48 kbps. Bwerera ku masamu aja: 48 kuchulukitsa ndi 5,400, kugawa ndi 8,000, ndi 32 MB. Phunziro lomwe lija la 620 MB latsala 32 MB, ndipo liwu lililonse la aphunzitsi likumveka. Wofuna kutsika kuposa apa atha kugwiritsa ntchito Opus, njira yomweyo yomwe WhatsApp imasungira mauthenga athu a mawu. Pa 24 kbps phunziro lathu limatsala 16 MB. Ine ndimakondabe .m4a pogawira kalasi, chifukwa mafoni ena akale sadziwa chochita ndi fayilo ya .opus, ndipo fayilo yaing'ono yomwe mnzako walephera kutsegula ilibe phindu.

Ngati kulemba malamulo kukukuopsa, VLC, pulogalamu ija ya chizindikiro cha kakoni ka pamsewu yomwe ili pafupifupi pa laputopu iliyonse ya wophunzira, imathanso. Pita pa Media, sankha Convert / Save, ika fayilo yako ndi Add, dina Convert / Save, ndipo pa Profile sankha Audio - MP3. Usathamangire kudina Start. Dina kaye kasipanala kali pambali, pita pa Audio codec, sintha Bitrate kuchoka pa 128 kufika pa 64, ndipo Channels ikhale 1. MP3 ndi njira yakale, imafuna deta yochulukirapo kuti imveke bwino, n'chifukwa chake ndikuti 64 osati 48. Phunziro lathu litsala 43 MB, ndipo MP3 imaseweredwa paliponse, ngakhale pa foni ya mabatani ndi pa kawayilesi kolowetsa memore khadi.

Pomwe anthu amagwera

Ndaona zolakwa zinayi mobwerezabwereza, ndipo ziwiri mwa izo ndinazichitapo ndekha.

Choyamba ndi kungosintha dzina la fayilo, kuchoka pa .mp4 kukhala .mp3. Foni ina imapusitsika n'kuyamba kuisewera ngati nyimbo, ndipo munthu amaganiza kuti zatheka. Koma zithunzi zikadali m'kati. Umboni wake ndi wosavuta: yang'ana kukula kwake, ikadali 620 MB. Kulemba kuti "ufa" pa thumba la chimanga sikuchigaya.

Chachiwiri ndi kusankha muyezo waukulu poganiza kuti mawu amveka bwino. Timapulogalamu tambiri ta pa foni timakufunsa ngati ukufuna 128, 192 kapena 320. Mtima umati tenga chachikulu. Koma mawu omwe anajambulidwa pa 128 sangakome kuposa momwe alili chifukwa wawaika pa 320. Chomwe chatayika pojambula sichibwerera. Ungopeza fayilo ya 216 MB yomveka chimodzimodzi ndi ya 86 MB. Choipa kwambiri ndi kusankha WAV, omwe ndi mawu osapanikizidwa konse. Pa muyezo wa CD, mphindi 90 za WAV zimapitirira 950 MB. Ndinachitapo zimenezi chaka choyamba: ndinkafuna kuchepetsa vidiyo, n'kupeza fayilo ya mawu yoposa vidiyoyo kukula.

Chachitatu ndi masamba a pa intaneti omwe amati akusinthira vidiyo kwaulere. Kuti akusinthire, uyenera kuwatumizira vidiyo yonse. Ngati ili mu foni yako, ndiye kuti wailipira kawiri: 620 MB poitsitsa, 620 MB ina poikweza, kenaka n'kutsitsanso mawuwo. Kutumiza kumadya bandulo chimodzimodzi ndi kulandira. Komanso phunziro la aphunzitsi ako, ndi mawu a anzako ofunsa mafunso, wawapereka kwa anthu omwe sukuwadziwa.

Chachinayi ndi kufufuta vidiyo usanamvetsere chomwe chatuluka. Timapulogalamu tina ta pa foni timasiyira panjira foni ikazima sikirini kapena malo akatha, ndipo timakusiyira fayilo yooneka yabwinobwino koma yothera pa mphindi 52. Usanafufute kanthu, ona ngati kutalika kwa mawu kukufanana ndi kwa vidiyo, ndipo mvetsera pang'ono kumayambiriro, pakati ndi kumapeto, utavala zomvera m'makutu onse awiri. Nthawi zina wojambula amakhala kuti maikolofoni yake inalowetsa mawu mbali imodzi yokha, ndipo khutu linalo limangokhala duu. `-ac 1` uja amakonzanso vuto limeneli.

Masamu a kalasi yonse

Tsopano tiwerengere kalasi, osati munthu mmodzi. Tikanati tonse 60 titsitse vidiyo ija, tikanawotcha 37,200 MB, kutanthauza ma GB oposa 37, pa phunziro limodzi. Munthu mmodzi akaitsitsa pa wayifayi, n'kupatula mawu, n'kutumiza fayilo ya 32 MB pa gulu, tonse pamodzi tidya ma GB osakwana awiri. Ndipo ngakhale awiriwo sakufunika onse, chifukwa fayilo ya 32 MB imadutsa mosavuta kuchoka pa foni kupita pa foni ina popanda intaneti. Ngati maphunziro otere ali 12 pa semesita, mavidiyo adya malo oposa ma GB 7 mu foni yako, pomwe mawu okha sakwana 400 MB. Pa foni ya 32 GB yodzaza kale ndi zithunzi za paukwati wa achemwali, kusiyana kumeneku ndi kusiyana kwa kusunga phunziro mpaka mayeso ndi kulifufuta Lolemba.

Koma chomwe chimandikhudza kwambiri si kuchuluka kwa ma GB. Ndi funso loti ndani amatsala kunja. Fayilo ya 620 MB imasankha ophunzira. Imalola wokhala pa kampasi, wa laputopu, wa makolo otumiza ndalama pa nthawi yake. Imakana wochita lendi kutali, yemwe netiweki yake imadukaduka, moti akafika pa 400 MB zonse zimayambiranso, ndipo yemwe ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya ndiwo. Palibe amene anakhala pansi n'kukonza kuti zikhale choncho, koma zotsatira zake ndi zomwezo: wina amalowa m'mayeso atamva phunziro, wina atangomva zomwe mnzake anakumbukirako. Kukula kwa fayilo ndi chitseko, ndipo wotumizayo ndiye amasankha kukula kwa chitsekocho, adziwe kapena asadziwe.

N'chifukwa chake ndikuti malo abwino koposa opatulira mawu ndi pa kompyuta ya wojambulayo. Nthawi zina ntchitoyi imakhala itachitika kale. Munthu akajambula msonkhano wa Zoom pa kompyuta yake, pulogalamuyo imasunga vidiyo ya .mp4 komanso fayilo ina ya mawu okha ya .m4a mu foda yomweyo. Aphunzitsi ambiri amatumiza yoyambayo chifukwa ndi yomwe ikuoneka ngati phunziro, ndipo inayo saidziwa n'komwe. Choncho pempho lathu silikhala lovuta: "Aphunzitsi, mu foda momwe muli vidiyomo mulinso kafayilo kothera ndi .m4a, tikupempha mutitumizirenso kameneko." Sitikuwapempha kuti aphunzire luso latsopano. Tikungowapempha kuti akweze mafayilo awiri m'malo mwa imodzi.

Zomwe otsutsa akunena, ndipo zina akunena zoona

Nditapereka ganizoli pa gulu, si onse anagwirizana nalo, ndipo ena anali ndi mfundo zomveka.

Mfundo yaikulu ndi yoti phunziro si mawu okha. Izi ndinazionera pa vidiyo ya Chilembwe yomweyo. Cha pa mphindi 41, aphunzitsi anati, "Gulu lina linachoka apa n'kulowera uku, pomwe lina linapita apa." Ndikumvetsera ndili pa minibasi, sindinatolepo kanthu. Nditaona vidiyo, ndinapeza kuti anali atatsegula mapu, akuloza Mbombwe ku Chiradzulu komwe kunali Providence Industrial Mission, Magomero komwe kunali minda ya A. L. Bruce, ndi Blantyre komwe gulu lina linapita kukafuna mfuti. Popanda mapuwo, mphindi zitatu zonse zinali "apa" ndi "uku". Anzanga ophunzira za zilankhulo ali ndi vuto lalikulu kuposa langa, chifukwa kwa iwo theka la phunziro ndi zizindikiro za kamvekedwe ka mawu ndi nthambi za ziganizo zojambulidwa pa bolodi. Za anzathu a masamu ndi kemisitiri ndiye sindinenanso. Kwa iwo bolodi ndiye phunziro.

Ndikuvomereza zimenezi, koma yankho lake si kunyamula 533 MB ya zithunzi chifukwa cha mapu amodzi. Vidiyo imasunga zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi iliyonse, pomwe silaidi ya aphunzitsi imakhala osasintha kwa mphindi zingapo. Chomwe tikufuna ndi masilaidiwo, osati kuphethira kwa maso awo. Aphunzitsi akatipatsa masilaidi ngati PDF, nkhani yatha. Akapanda kutero, yemwe ali ndi vidiyo uja atha kutolamo chithunzi chimodzi pa mphindi iliyonse:

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vf fps=1/60 mphindi%03d.jpg
```

Zituluka zithunzi pafupifupi 90, ndipo nambala ya chithunzi ikhala pafupi ndi mphindi yake mu phunziro. Ukamva "apa" pa mphindi 41, utsegula mphindi041.jpg kapena choyandikana nacho, n'kuona mapu. Tikafufuta zobwerezabwereza timatsala ndi zochepa zomwe sizifika ngakhale ma MB asanu. Njirayi imagwira bwino pa masilaidi ndi mapu. Sigwira pomwe aphunzitsi akusonyeza chinthu choyenda, monga kavinidwe ka gule, kachitidwe ka sewero pa siteji, kapena momwe lilime limakhalira potchula liwu. Pamenepo vidiyo ikufunika ndithu, ndipo ndi bwino kungodula kachigawo komweko.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati phunziro likuyenera mawu okha. Lisewere kwa mphindi zisanu cha pakati, foni itayang'ana pansi. Ukamva "monga mukuonera", "apa" ndi "ichi" mobwerezabwereza osadziwa chomwe chikunenedwa, mawu okha sakukwanira. Ukatha kutsatira mfundo, zithunzizo zinali katundu chabe. Ndipo kwa aphunzitsi omwe angawerenge izi: kungotchula dzina la chomwe mukuloza, kunena "Magomero" m'malo mwa "apa", kumathandiza womvetsera, komanso wophunzira wosaona yemwe wakhala m'kalasi mwanu nthawi yonseyi akumva "apa" yemweyo.

Mfundo yachiwiri inachokera kwa mnzathu wina amene samva bwino. Iye amadalira kuona milomo ya wolankhula ndi mawu olembedwa pansi pa vidiyo. Kwa iye fayilo ya mawu okha ndi chitseko chotseka kotheratu. Mfundo imeneyi inandisinthitsa maganizo pang'ono. Poyamba ndinkati mawu alowe m'malo mwa vidiyo. Tsopano ndikuti mawu abwere pambali pa vidiyo, ndipo linki ya vidiyo isachotsedwe. Kukonza vuto la ambiri potsekera kunja mmodzi ndi kubwereza cholakwa chomwe tikudandaula nacho.

Mfundo yachitatu ndi yoti mawu okha amalimbikitsa ulesi: munthu amamvetsera akuchapa, akuphika, akucheza, n'kumadzinamiza kuti waphunzira. Izi n'zoona, ndipo zandichitikira. Ndinamvetsera phunziro lonse ndikusita zovala, ndipo chomwe ndinakumbukira ndi nthabwala imodzi. Koma vutoli si la fayilo. Woonera vidiyo nayenso amatha kuyang'ana nkhope ya aphunzitsi kwa ola lonse maganizo ali kwina. Ambiri a ife tinayambira sukulu ndi pulogalamu ya Tikwere pa wayilesi, ndipo m'chaka cha 2020 sukulu zitatsekedwa, azing'ono athu ankaphunzira pa wayilesi yomweyo. Kuphunzira ndi khutu si zachilendo kwa ife. Chofunika ndi cholembera m'manja ulendo woyamba. Kumvetsera uli pa minibasi kapena pa mzere wa kukafiteriya ndi kwa ulendo wachiwiri ndi wachitatu, ndipo apa ndi pomwe mawu amaposa vidiyo, chifukwa sikirini imakhala yozima ndipo batire limakhalitsa ngakhale magetsi atapita.

Pali china chomwe palibe anatchula pa gulu, koma ndikuona kuti n'chofunika. Fayilo yaing'ono imayenda mtunda wautali. Vidiyo ya 620 MB sichoka msanga m'kalasi, koma mawu a 32 MB mawa apezeka pa gulu la anthu omwe sanakhalepo m'kalasimo. M'maphunziro athu timakamba za ndale, zipembedzo ndi mitundu ya anthu, ndipo chiganizo chimodzi cha aphunzitsi kapena funso la mnzathu, chikadulidwa n'kuchotsedwa pamalo pake, chingamuike munthu m'mavuto. Phunzirolo ndi ntchito ya aphunzitsi, ndipo mawu a wofunsa ndi ake. Choncho tisanapatule n'kugawa, tipemphe chilolezo, ndipo fayilo ithere pa gulu la kalasi.

Ndiyeneranso kunena kuti phindu silikhala lalikulu chonchi nthawi zonse. Vidiyo yomwe ikungoonetsa masilaidi osasuntha, popanda kamera, imakhala yaing'ono kale, chifukwa chithunzi chosasintha sichidya deta yambiri. Mu fayilo yotere mawu atha kukhala theka la kukula kwake, ndipo kutaya masilaidi kuti upulumutse ma MB ochepa ndi kusinthanitsa mbuzi ndi nkhuku. Yang'ana kaye kbps ya zithunzi ndi ya mawu, chita masamu aja, kenaka ganiza.

Zomwe tinagwirizana

M'kalasi mwathu tsopano timachita motere. Vidiyo ikabwera, munthu mmodzi wa laputopu amaitsitsa pa wayifayi, ndipo timasinthana sabata ndi sabata kuti ntchito isalemere mmodzi. Amapatula mawu pa 48 kbps, mbali imodzi, n'kumvetsera kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Amatola zithunzi za masilaidi. Amapatsa fayilo dzina lomveka, lokhala ndi kosi, sabata ndi mutu wa phunziro, kuti pa nthawi ya mayeso tisamatsegule mafayilo khumi onse otchedwa audio. Amaitumiza pa gulu ngati Document kuti dzinalo lisatayike, pamodzi ndi zithunzi ndi linki ya vidiyo kwa oifuna. Ntchito yonse sipitirira mphindi 15 vidiyo ikangotsika.

Aphunzitsi a mbiri aja titawafotokozera, anatsegula foda yawo tili pomwepo, n'kupeza kafayilo ka .m4a kali phee pambali pa vidiyo iliyonse yomwe anajambulapo. Anaseka, nati akhala akudabwa kuti timafayilo timeneto ndi tachiyani. Phunziro lotsatira linabwera ndi malinki awiri. Mnzanga wa kuhositelo uja anadina yachiwiri, ndipo bandulo yake inafika Lamlungu.